Gireyilisiting'i: chifukwa chake imelo ina imachedwa dala

Gireyilisiting'i ndi njira yomwe maseva ena olandira imelo amagwiritsa ntchito pochepetsa sipamu, makalata achabechabe omwe amatumizidwa kwa anthu miyandamiyanda osawapempha. Seva ikalandira kalata kuchokera kwa wotumiza yemwe sinamuonepo, siyiwerenga n'komwe zomwe zalembedwamo. Imangoibweza ndi yankho loti pakadali pano n'zosatheka, ayesenso nthawi ina. Wotumizayo akabweranso patapita kanthawi, kalata imaloledwa. Njirayi inatchuka mu 2003 pomwe Evan Harris analemba chikalata choifotokoza, ndipo mu 2012 inalembedwa m'gulu la malangizo a intaneti monga RFC 6647.

Maziko ake ali m'malamulo a SMTP, omwe maseva amatsata popatsirana makalata. Yankho lililonse la seva yolandira limayamba ndi nambala ya manambala atatu. Loyamba ndi 2 limatanthauza kuti zatheka. Loyamba ndi 5 ndi kukana kotheratu, ndipo kalata imabwerera kwa mwini wake. Loyamba ndi 4, monga 450 kapena 451, limanena kuti vuto ndi la kanthawi chabe. Seva yoyendetsedwa bwino ikamva 4 imasunga kalatayo pamzere wa zodikira n'kuyesanso, ndipo RFC 5321 imalangiza kuti isagwe mphwayi mpaka patadutsa masiku 4 kapena 5. M'zaka zomwe njirayi inkayamba, sipamu yambiri inkachokera ku makompyuta a anthu wamba omwe analowedwa ndi mavairasi. Timapulogalamu totumizira sipamuyo tinalibe mzere wa zodikira: tikakanidwa tinkangopitirira ku adiresi yotsatira osabwereranso. Choncho kungonena kuti "bwerani mawa" kunali kokwanira kusiyanitsa mlendo weniweni ndi wongoyesa zitseko.

Kuti idziwe yemwe wabweranso, seva yolandira imalemba zinthu zitatu pa kalata iliyonse: adiresi ya IP ya kompyuta yomwe yalumikiza, adiresi ya wotumiza yotchulidwa pa lamulo la MAIL FROM, ndi adiresi ya wolandira yotchulidwa pa RCPT TO. Adiresi ya pa MAIL FROM siikhala nthawi zonse yofanana ndi yomwe munthu amaiona pamwamba pa kalata, ndipo kusiyana kumeneku kudzaoneka kufunika kwake kutsogoloku. Zitatuzi zikakhala zachilendo, kukambirana kwa masevawo kumathera apa:

```
MAIL FROM:<maoda@example.com>
250 2.1.0 Ok
RCPT TO:<ofesi@example.org>
450 4.2.0 <ofesi@example.org>: Recipient address rejected: Greylisted
```

Kukanaku kumachitika thunthu la kalata lisanatumizidwe, ndipo ichi n'chimodzi mwa zomwe zinakopa oyang'anira maseva: sipamu imabwezedwa seva isanataye mphamvu poilandira ndi kuisanthula.

Seva yolandira imasunga nthawi zitatu. Yoyamba ndi nthawi yodikiritsa, yomwe wotumiza akabweranso isanathe amakanidwanso. Yachiwiri ndi malire a kubweranso: akachedwa kupitirira pamenepo, zomwe zinalembedwa zija zimafufutidwa ndipo amayambiranso ngati mlendo. Yachitatu ndi kutalika kwa nthawi yomwe wololedwa amakumbukiridwa. Harris anapereka ola limodzi, maola 4 ndi masiku 36. Pulogalamu ya Postgrey, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi seva ya Postfix, imadikiritsa masekondi 300, imalola kubweranso mkati mwa masiku awiri, ndipo imakumbukira kwa masiku 35. Ya spamd ya OpenBSD imadikiritsa mphindi 25. Masiku opitirira pang'ono 30 aja sanasankhidwe mwangozi. Cholinga chake n'chakuti makalata obwera kamodzi pamwezi, monga mabilu, asamadikiritsidwe mwezi uliwonse.

Anthu ambiri amaganiza kuti kalata imachedwa ndi nthawi yodikiritsa ija basi, koma si choncho. Seva yolandira ilibe njira yoitanira wotumiza kuti nthawi yakwana. Kalata imalowa pa ulendo woyamba womwe wotumiza wayesanso nthawi yodikiritsa itatha, ndipo ndandanda ya maulendowo ili m'manja mwa wotumiza. Postfix ikakhala momwe imabwerera imadikira masekondi osachepera 300 isanayesenso, kenako mpata umakulirakulira mpaka masekondi 4000. Lamulo lomwe Exim imabwera nalo ndi loyesa mphindi 15 zilizonse kwa maola awiri oyamba. RFC 5321 yokha imalangiza mpata wa mphindi zosachepera 30, choncho seva yoyembekeza theka la ola siyinalakwe chilichonse.

Tiyerekeze kampani yomwe seva yake imayesanso mphindi 15 zilizonse, ndipo yatumiza mitengo ya katundu kwa kasitomala watsopano nthawi ya 9:00. Ngati seva ya kasitomalayo imadikiritsa mphindi 5, kalata ikanidwa 9:00 n'kulowa 9:15. Mphindi 5 zasanduka 15. Ngati imadikiritsa mphindi 25, ulendo wa 9:15 ukanidwanso, ndipo kalata ilowa 9:30 kapena pambuyo pake. Wotumiza saona chilichonse chodabwitsa, poti kalata inachoka pa kompyuta yake n'kuoneka m'gulu la zotumizidwa. Kasitomala naye saona kanthu, ngakhale mufoda ya sipamu, poti kalata sinalowe n'komwe. Onse awiri amangoimbirana foni, aliyense akuganiza kuti mnzake walakwitsa adiresi. Kalata yachiwiri ya pakati pa anthu omwewa imadutsa nthawi yomweyo, chifukwa zinthu zitatu zija tsopano zadziwika.

Kuchedwa kwa kamodzi kotereku ambiri amakupirira. Chovuta chachikulu chimagwera otumiza abwinobwino omwe amaoneka achilendo ulendo uliwonse. Makampani akuluakulu a imelo satumiza kuchokera pa kompyuta imodzi. Amakhala ndi gulu la maseva ambiri, ndipo kalata yokanidwa ikhoza kuyesedwanso ndi seva ina. M'chitsanzo chija, ulendo wa 9:00 ukachokera ku 192.0.2.10, wa 9:15 ku 198.51.100.7, wa 9:30 ku 203.0.113.5, seva yolandira iona alendo atatu osiyana ndipo aliyense imuyambitsa kudikira. Kalata idzalowa pokhapokha adiresi imodzi itabwerezedwa malire a kubweranso asanathe. Pamene mipata ya kuyesa ikukula, mwayiwo umachepa, ndipo mphindi zimasanduka maola. Postgrey imachepetsa vutoli poyang'ana zigawo zitatu zoyamba za adiresi ya IP, kotero kuti 192.0.2.10 ndi 192.0.2.44 zimawerengedwa ngati wotumiza mmodzi. Izi zimathandiza maseva oyandikana manambala okha. Kwa makampani omwe maadiresi awo ndi omwazikana, pamafunika mndandanda wa ololedwa kale, ndipo mndandanda umenewu ukakalamba osakonzedwa, vuto limabwerera mwakachetechete.

Gulu lachiwiri ndi la otumiza omwe amasintha adiresi ya pa MAIL FROM pa kalata iliyonse. Mashopu a pa intaneti ndi mabungwe otumiza nkhani kwa anthu ambiri amachita izi dala: amaika nambala yapadera mu adiresiyo kuti kalata ikabwerera adziwe kuti ndi iti komanso inali ya yani. Munthu amaona dzina lomwelo pamwamba pa kalata, koma kwa seva yolandira, kalata iliyonse ndi ya mlendo, ndipo iliyonse imadikira. Postgrey ili ndi mankhwala ake apa: seva yomwe yadutsa bwino maulendo 5 imaikidwa yokha pamndandanda wa ololedwa, osayang'ananso wotumiza kapena wolandira.

Makalata omwe amavutika kwambiri ndi aja okhala ndi moyo waufupi, monga nambala yotsimikizira polowa mu akaunti kapena ulalo wosinthira pasiwedi. Kawirikawiri amenewa amakhala kalata yoyamba kuchokera kwa wotumizayo, choncho amagwera pa kudikiritsidwa ndithu. Nambala yogwira ntchito mphindi 10 ikafika patatha mphindi 15 imakhala yopanda ntchito. Munthu amapempha ina, ndipo ngati adiresi ya pa MAIL FROM yasinthanso, nayonso imadikira. Choipirapo n'chakuti nthawi zambiri kupempha nambala yatsopano kumathetsa yakale, moti yoyamba ija ikafika imakanidwa, munthu n'kupemphanso ina.

Palinso otumiza omwe sayesanso n'komwe ngakhale kuti si a sipamu. Makina a sikana ndi pulinta a muofesi, makamera a chitetezo, ndi timapulogalamu tina totumiza machenjezo nthawi zina timalumikiza mwachindunji ku seva yolandira popanda mzere wa zodikira. Tikamva 450, kalata yatayika basi, ndipo nthawi zambiri palibe yemwe amauzidwa. Njira yabwino apa n'kuchititsa chipangizocho kuti chizipereka makalata ku seva ya bungwe lake, yomwe imadziwa kusunga ndi kuyesanso.

Nalo bungwe lolandira likhoza kudzivulaza lokha. Likakhala ndi maseva awiri olandirira imelo omwe sagawana zomwe alemba, wotumiza wokanidwa ndi yoyamba amapita ku yachiwiri n'kukanidwanso ngati mlendo. Malire a kubweranso akafupikitsidwa kwambiri, wotumiza woyesa mwa apo ndi apo amapeza kuti waiwalika ulendo uliwonse, mpaka patatha masiku 4 kapena 5 kalata imabwerera kwa mwini wake.

Umboni woti kalata inadikiritsidwa umapezeka m'mitu yake yobisika, yomwe mapulogalamu ambiri a imelo amalola kuiona. Seva iliyonse yomwe kalata yadutsamo imalemba mzere woyamba ndi Received wokhala ndi nthawi yake. Mpata waukulu pakati pa seva yomaliza ya wotumiza ndi yoyamba ya wolandira umasonyeza pomwe kalata inaima, ngakhale kuti pawokha sutchula chifukwa. Postgrey imachita kunena poyera powonjezera mzere woyamba chonchi:

```
X-Greylist: delayed 912 seconds by postgrey
```

Masekondi 912 ndi mphindi 15 ndi pang'ono, zofanana ndi chitsanzo chija. Kalata yomwe sinafike n'komwe ilibe mitu yoti munthu aione, choncho yankho limapezeka m'kaundula wa seva, momwe woyang'anira amafufuza adiresi ya wolandira ndi nambala 450 kapena 451. Akaona wotumiza yemweyo akukanidwa mobwerezabwereza kuchokera ku maadiresi a IP osiyanasiyana, ndiye kuti ndi gulu la maseva lija.

Phindu la njirayi lachepa poyerekeza ndi 2003. Otumiza sipamu ambiri anaphunzira kuyesanso, ndipo ena amatumiza kudzera mu maakaunti obedwa a pa maseva enieni, omwe amadutsa mosavuta. Komabe kudikiritsa kukadali ndi ntchito ina: m'mphindi zochepazo, adiresi yomwe yangoyamba kumwaza sipamu ikhoza kukhala italowa kale m'mindandanda ya oletsedwa, ndipo pobweranso imakanidwa kotheratu. N'chifukwa chake mapulogalamu atsopano monga Rspamd sadikiritsa aliyense. Amayamba apima kalata, n'kudikiritsa zokhazo zokayikitsa zomwe sizinafike poti n'kukanidwa, pamene zooneka bwino zimalowa nthawi yomweyo. Izi zimawonongetsa mphamvu zambiri za seva, poti kalata iyenera kulandiridwa yonse isanapimidwe, koma nambala yotsimikizira yochokera kwa wotumiza wa mbiri yabwino imafika isanathe ntchito.