Pulani ya ku Chikale: kupulinta kuchokera ku Model kapena ku Layout?

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yojambula kanyumba ka alendo pachitunda cha ku Chikale, ku Nkhata Bay, khonde lake loyang'ana kunyanja. Ndi mamita 12 m'litali ndi 8 m'lifupi. Pulaniyo iyenera kukafika ku khonsolo, ina ikhale m'manja mwa mmisiri womanga. Mu AutoCAD muli njira ziwiri zoitulutsira papepala, ndipo ojambula amakangana nazo ndithu.

Poyambira mpamodzi. Nyumba imajambulidwa mu `Model` pa kukula kwake kwenikweni, m'mamilimita: khoma la kutsogolo 12,000, kunenepa kwake 230, chitseko 900. Chilichonse chikhale ndi leya yake. Makoma apatsidwe mzere wonenepa wa 0.50, zitseko ndi mazenera 0.25, miyeso 0.18, ndipo m'mphepete mwa denga, poti lili pamwamba pa pomwe tadula nyumba, mujambulidwe ndi mzere wodukaduka wa `HIDDEN`. Mtundu ndi kunenepa kwa mzere zisiyidwe pa `ByLayer`. Amene amaunjika zonse pa leya `0` palibe njira yomwe ingamupulumutse.

Njira yoyamba ndi yopulinta pomwepo mu `Model`. Mumalemba `PLOT`, kusankha pepala, kuzinga nyumbayo ndi `Window`, kuchotsa chizindikiro pa `Fit to paper`, n'kuika sikelo ya 1:100. Nyumba ija imatuluka mamilimita 120 ndi 80, ndipo imakwana bwinobwino pa A4. Ndi yachangu, ndipo sindiinyoza. Koma masamu onse amakhala m'mutu mwanu. Chilembo choti chioneke mamilimita 2.5 papepala muyenera kuchilemba 250. Fulemu ya pepala nayo muikulitse ka 100.

Nanga mzere wa denga uja? M'faelo ya `acadiso.lin`, kachidutswa kamodzi ka `HIDDEN` n'kotalika mamilimita 6.35 basi. Mukagawa ndi 100, mipata yake diso siliiona, ndiye denga limatuluka ngati mzere wathunthu, mmisiri n'kuyesa khoma lina lozungulira khonde. Mankhwala ake n'kukweza `LTSCALE` kufika pa 50 kapena 100. Mawa mwini nyumba akati akufuna 1:50, zilembo, fulemu ndi mizere yodukaduka muzikonzanso zonse.

Njira yachiwiri ndi ya `Layout`. Maganizo olekanitsa pepala ndi nyumba analowa mu AutoCAD mu 1990. Apa mumatchera pepala lenileni, tinene A3 ya mamilimita 420 ndi 297, fulemu n'kuijambula pa kukula kwake. Kenako ndi `MVIEW` mumaboola zenera loonera nyumba ija. Sikelo imakhala ya zeneralo. Mukalowamo, lembani:

```
ZOOM
1/50XP
```

Nyumba yakhala mamilimita 240 ndi 160. Nthawi yomweyo tsekani zeneralo ndi `Display Locked`, chifukwa kungogudubuza mausi muli m'katimo, sikelo yapita osakutsanzikani. Pepalalo limapulintidwa pa 1:1.

Phindu lake limaoneka pa bafa. Pa 1:50, kachipinda ka 2,400 ndi 1,800 sikakwana miyeso ya mapaipi. Mumaboola zenera lachiwiri la 1:20 pambali, bafa lomwelo n'kuoneka mamilimita 120 ndi 90 popanda kulijambulanso. Leya ya mabedi ndi mipando mukhoza kuibisa m'zenera limodzi lokha ndi `VP Freeze`. Zilembo ndi miyeso zikakhala `Annotative`, zimadzisintha zokha, bola mwazipatsa masikelo onse awiri.

Msampha wake ulipo, ndipo umakola amene anazolowera njira yoyamba. `PSLTSCALE` ikakhala 1, kutalika kwa tizidutswa kumayezedwa papepala. Mukasiya `LTSCALE` pa 100, kachidutswa kamodzi kamakhala mamilimita 635, kuposa pepala lonse, ndiye denga laonekanso lathunthu. Bwezani `LTSCALE` pa 1 kapena 0.5, `MSLTSCALE` ikhale 1, kenako `REGENALL`.

Njira zonsezi zili ndi mdani mmodzi, ndipo amadikira kumalo opulintira. Mwatenga PDF ya A3 pafulashi, mwapeza makina a A4 okha, mnyamata wapamenepo n'kuifinya kuti ikwane. Pepala likunenabe 1:50, koma zoona zake ndi pafupifupi 1:71. Musanalipire, ikani rula pachitseko cha 900: pa 1:50 chiyenera kukhala mamilimita 18, pa 1:100 chikhale 9. Chikaperewera, nenani apulinte pa `Actual size`, kapena kwerani basi mukasake A3 ku Mzuzu. Musaiwalenso `monochrome.ctb`, apo ayi mizere yachikasu imatuluka yofuwa ngati yasukuluka ndi dzuwa.

Kwa ine, pepala limodzi la sikelo imodzi, monga la chimbudzi chapanja, `Model` ikukwanirani. Nyumba ya alendo ija, yomwe mwini wake asinthe maganizo kangapo njerwa zisanafike, ipititseni ku `Layout`.