Chifukwa Chake Mau Amachedwa pa Lamya

Anzanga, ndikalemba "Ntch" pa Google, liu lakuti Ntcheu limaoneka pansi ndisanamalize. Poyamba ndinkayesa kuti lamya imadziwa za mumtima mwanga. Iai. Zilembozo zimathamangira ku makina akutali, amene amasankha mau ofunsidwa kawirikawiri ndi anthu ena, nawabweza msanga.

Tsono ulendowu ufuna netiweki. Kwathu kumapiri a ku Tsangano ikafooka, mau amafika mochedwa. Bandulo ikatha, atsopano safika konse. Ndinaphunzira izi nditakhumudwa tsiku lina pofufuza za mayeso. Koma netiweki ili bwino, mau osabwera, ndiye kuti mwina mwalakwitsa kalembedwe, kapena ofunsa mau amenewo ndi owerengeka. Pamenepo musadikire, malizani nokha kulemba.