Musanasainire kotesheni ya mmisiri wa magetsi

Nyumba zambiri zakale za ku Ndirande, Kawale kapena Chinamwali zinalumikizidwa magetsi pa nthawi imene banja linkangoyatsa mababu ndi wailesi. Lero mawaya omwewo akusenza firiji, ketulo, kuka ndi giza. Soketi ikayamba kuda ndi kununkha pulasitiki wopserera, mwininyumba amaitana mmisiri, ndipo asanagwire chilichonse mmisiriyo amalemba kalata ya mitengo, kotesheni. Ambiri timangothamangira pansi pa pepala kukaona chiwerengero chonse. Pamenepo ndi pomwe timaluzira.

Mzere wofunika kuuyang'anitsitsa ndi wa mawaya. Kotesheni yongoti "mawaya, mipukutu isanu" ndi yosathandiza, chifukwa mawaya amasiyana kunenepa malinga ndi katundu amene asenze. Titenge nyumba ya zipinda zogona zitatu, ya mababu 12, masoketi 10 ndi kuka imodzi. Kalata yabwino itchula padera waya wa 1.5 mm² wa mababu, wa 2.5 mm² wa masoketi, ndi wa 6 mm² wopita ku kuka yokha, uliwonse ndi kuchuluka kwake. Mpukutu umakhala wa mamita 100, choncho ngati kuka ili pafupi ndi bokosi la mabureka, palibe chifukwa chokulemberani mpukutu wathunthu wa waya wodulawo. Umagulitsidwanso pa mita.

Wina amatsitsa mtengo poika waya wa mababu pa masoketi. Magetsi amayaka ndithu tsiku loyamba, koma mukalumikiza ketulo ndi simbi nthawi imodzi wayayo amatentha m'kati mwa khoma, ndipo ngati bureka yake ndi yaikulu, siigwa msanga. N'chifukwa chake kalatayo iyenera kutchulanso maampu a bureka iliyonse, osaiwala ndodo yokhomera m'nthaka ndi chida chodula magetsi akayamba kudutsa m'thupi la munthu. Zipangizo zikafika, palani nsonga ya waya ndi mpeni. Mukaona zoyera pansi pa zofiira, dziwani kuti ndi aluminiyamu wokutidwa chabe, si kopa.

Pa ndalama ya ntchito m'pamene pamabuka mikangano yambiri. Kugoba khoma kuti mulowe mapaipi ndi ntchito ya mmisiri, koma nanga womata pulasitala ndi kupentanso ndani? Wozula mawaya akale ndani, ndipo akhala a yani, poti kopa amagulitsidwa? Zimenezi zilembedwe, pamodzi ndi kuyeza mawaya ntchito ikatha, ndalama yoyambira, ndi masiku amene mitengoyo ikhale ikugwira ntchito. Amene anasunga kotesheni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anaipeza itasanduka pepala wamba.

Pamwamba pa kalatayo pakhale dzina la mmisiri ndi nambala ya chiphaso chake chochokera ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno. Ngati akuzembazemba kukuonetsani chiphasocho, musamupatse ngakhale tambala.