Shuga wobisala m'kapu

Atsibweni anga atauzidwa kuti ali ndi matenda a shuga, anadandaula za nsima. Koma kalata imene dokotala anawalembera m'Chichewa kuti akawerenge ndi akazi awo kunyumba sinayambe ndi nsima ayi. Inayamba ndi funso: "Bambo, dzulo munamwa chiyani kuchokera m'mawa mpaka pogona?"

Iwo ndi kalipentala, amakhala padzuwa tsiku lonse, ndipo yankho anali atapereka kale m'chipinda cha dokotala. Tiyi makapu awiri, kapu iliyonse masupuni atatu a shuga. Masana thobwa. Chakumadzulo botolo la Kokakola. Dokotala anawerengera pa pepala lomwelo: tiyi masupuni 6, botolo la mamililita 300 masupuni pafupifupi 8. Masupuni aang'ono 14, thobwa asanaliwerengere, chakudya asanachikhudze.

Chifukwa choyambira ku zakumwa anachifotokoza motere. Nsima ndi nyemba zimatenga nthawi kuti zigayike, ndiye shuga wake amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Shuga wosungunuka m'madzi sachedwa m'mimba, amangolowa, komanso sakhutitsa. Shugayo akachuluka m'magazi impso zimamutayira mu mkodzo, ndipo potuluka amakoka madzi ambiri. N'chifukwa chake atsibweni ankadzuka kanayi usiku kukataya madzi, n'kumadzuka kukhosi kuli gwa. Ludzulo ankalithetsa ndi chozizira chotsekemera, osadziwa kuti chomwecho ndiye chikuliwonjezera.

"M'malo mwa Kokakola, Fanta, Sobo ndi mafirizi, imwani madzi," inatero kalatayo. "Akakukanikani, finyiranimo ndimu." Za tiyi sanawaletse. Anati achotse supuni imodzi sabata iliyonse mpaka zitatha zonse, chifukwa lilime limazolowera. Mkaka pang'ono athire, koma osati wa kondensi uja wa m'chitini, ndipo uchi asauyese mankhwala. Uchi nawo ndi shuga.

Pamene panavuta m'pa thobwa. Azakhali anati aziwaphikira lopanda shuga, nkhani yatha. Koma dokotala anali atawatsekera kale njirayo. Thobwa limatsekemera ngakhale musanathire kanthu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya chimera: chimaphwanya ufa wa m'phala n'kuusandutsa shuga. Aliyense amene anaphikapo amadziwa kuti phala lolimba likathiridwa chimera limasungunuka. Ndiye thobwa si lothetsera ludzu, ndi chakudya. Kalatayo inati ngati alilakalaka amwe kapu yaing'ono mwa apo ndi apo, ndipo achepetse nsima ya nthawi imeneyo. Maheu a m'sitolo, amene amathiramo shuga wina pamwamba, awasiye ndithu. M'malo mwake anawalembera kapu imodzi ya chambiko chosathira shuga, kapena chidede chowiritsa n'kuziziritsa.

Ine pamenepa ndinamuona dokotalayo kuti ndi wanzeru. Ukauza Mmalawi kuti thobwa asadzalilawenso, amavomera pamaso n'kukamwa ku chinkhoswe.

Juwisi naye ali m'gulu lomwelo, ngakhale wofinya pakhomo. Kapu imodzi imafuna malalanje angapo, ndipo zotsalira zimene zikanachedwetsa shuga timazisefa n'kutaya. Lalanje limodzi alidye lathunthu. Malambe ndi bwemba paokha alibe mlandu waukulu, koma ogulitsa amathiramo shuga wambiri kuti aphe kuwawasa.

Ndime ya mowa inali ndi mzere kunsi kwake. Chibuku ndi masese zili ndi ufa, zimakweza shuga ngati phala. Kachasu amachita zosiyana ndi zimenezo, ndipo ndi woopsa mwa njira ina. Chiwindi chikatanganidwa ndi mowa chimasiya kutulutsa shuga amene chimasunga, ndiye munthu amene akumwa mapiritsi a gilibenikalamaidi, kapena akubaya insulini, shuga wake atha kutsikiratu usiku, makamaka ngati wamwa osadya. Amatuluka thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosamveka. Anzake amangoti waledzera, n'kumusiya kuti agone.

Apa m'pamene kalatayo inabweza chimene inalanda. Popeza atsibweni anapatsidwa mapiritsi omwewo, dokotala anati asamasowe kapaketi ka shuga m'thumba. Akamva thukuta lozizira, njala yadzidzidzi ndi kunjenjemera, asungunule masupuni 3 kapena 4 m'madzi, apo ayi amwe theka la botolo la Fanta, kenako adye chakudya. Pakatha mphindi 15 osasintha, abwerezenso. Koma ngati akomoka, wina asawathire chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Athamange nawo kuchipatala.

Kalatayo tsopano ili pakhoma la shedi yawo, pafupi ndi pamene amapachika macheka, yachita kudetsedwa ndi utuchi. Pansi pake pali chigubu cha madzi cha malita awiri. Anyamata awo awiri anaiwerenga onse, makamaka ndime ya kukomoka ija.