Kalata yoitana womulera mwana: kulemba zimene zinachitika m'malo moweruza

Wophunzira akalakwira malamulo a sukulu mobwerezabwereza, mphunzitsi wamkulu kapena wachiwiri wake amalembera kalata kunyumba. M'sukulu zambiri za m'Malawi kalata yotere imapita ndi mwana yemweyo, ndipo amene amailandira sakhala bambo kapena mayi nthawi zonse. Amatha kukhala agogo, azakhali, amalume kapena mchemwali wamkulu amene akumulera. Ngati womulerayo sadziwa kuwerenga, amaitana woyandikana naye nyumba kuti amuwerengere. Choncho mawu amene mphunzitsi analemba atapsa mtima amamveka mokweza pakhonde, anthu ena akumva.

Makalata ambiri otere amanena za mtima wa mwana m'malo monena zimene wachita. Nachi chitsanzo cha kalata yopita kwa agogo a mnyamata wa Fomu 2 pa sekondale yoyendera:

"Mwana wanu ndi wamwano, waulesi ndiponso wosamva. Nthawi zonse amabwera mochedwa ndipo amachita dala kunyoza aphunzitsi. Zikuoneka kuti kwanu salangizidwa. Mubwere msanga, apo ayi tionana nazo."

Agogo akamva kalatayi sadziwa kuti mdzukulu wawo wachita chiyani, liti, kwa ndani. Chimene amva bwino ndi chakuti sukulu ikuwanena kuti alephera kulera. Akabwera ku ofesi amabwera kudzadziteteza, kapena amayamba amukwapula kaye mwanayo asanamve nkhani yake. Mawu ngati "wamwano" ndi "waulesi" satheka kuwatsimikizira kapena kuwatsutsa, nchifukwa chake zokambirana zimangokhala zokokana, wina akuti ndi wamwano, wina akuti kunyumba ndi mwana waulemu.

Polembanso kalatayi, ntchito yoyamba ndi kufunsa pa chiganizo chilichonse ngati munthu wina amene akanaima pomwepo akanaona kapena kumva zomwezo. Kufika pasukulu nthawi ya 8:10 m'mawa kumaoneka ndi maso, ndipo aliyense wokhala ndi wotchi angavomereze. Ulesi suoneka, ndi ganizo la wolembayo pa zimene waona. Chiganizo chimene chalephera funsoli chimachotsedwa, ndipo m'malo mwake mumalowa chochitika chimene chinabweretsa ganizolo.

Zochitikazo sizichokera m'mutu. Wolemba amatsegula kaundula wa kalasi, buku la mphunzitsi woyang'anira sabata imeneyo ndi buku lolembamo zilango, n'kutengamo masiku ndi nthawi. Apa ndi pamene mawu oti "nthawi zonse" amagwera. Pa nkhani ya mnyamata uja, mabuku akusonyeza kuti anachedwa masiku anayi mwa masiku khumi a sukulu. Masiku anayi si ochepa, koma "nthawi zonse" ndi bodza, ndipo agogo amene amamuona akunyamuka m'mamawa masiku enawo adzakayikira kalata yonse chifukwa cha mawu awiri amenewa.

Mawu oti "amachita dala" ali ndi vuto lina. Amanena za cholinga cha mumtima, chimene mphunzitsi sanachione. Chimene chinamveka ndi mawu amene mwana anayankhula, ndipo amalembedwa monga momwe anatulukira, popanda kuwakometsera kapena kuwawonjezera ukali. Ndipo asanalembe, woyang'anira mwambo amayenera kumuitana mwanayo kuti afotokoze mbali yake, chifukwa nayonso ndi gawo la zimene zinachitika. Chiganizo chonena za kulera kwa kunyumba chimachotsedwa chonse. Sukulu sinaone zimene zimachitika kumeneko.

Kalata yolembedwanso imamveka motere:

"Agogo, tikukulemberani za mdzukulu wanu amene ali mu Fomu 2. Maphunziro amayamba 7:30 m'mawa. Pakati pa 3 ndi 14 Febuluwale iye anafika nthawi itapitirira 8:00 masiku anayi: pa 3, pa 5, pa 11 ndi pa 13, ndipo masiku onsewo anaphonya phunziro loyamba. Pa 13 mphunzitsi woyang'anira sabata anamuuza kuti asese kutsogolo kwa ofesi monga chilango cha kuchedwa. Iye anayankha kuti, 'Sindisesa, si ine wantchito,' nalowa m'kalasi osasesa. Titamufunsa tsiku lomwelo, anati masiku ena amayamba watunga madzi ndi kuperekeza mng'ono wake ku pulayimale. Malamulo a sukulu amafuna kuti wophunzira afike nthawi yake ndi kuchita chilango chimene wapatsidwa. Tamuchenjeza pakamwa kawiri. Tikukupemphani kuti mubwere ku ofesi ya wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu Lachiwiri pa 18 Febuluwale nthawi ya 9:00 m'mawa kuti tidzakambirane mmene tingamuthandizire. Ngati tsikuli silitheka, mutidziwitse kuti tipangane lina. Pakadali pano akupitiriza kuphunzira."

Kalata yachiwiriyi ndi yaitali, ndipo siinafewetse mlandu. Kukana chilango kwalembedwa poyera, mawu a mwanayo ali momwemo, ndipo agogo akhoza kudziweruzira okha ngati umenewo ndi mwano. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ali ndi poyambira. Akhoza kuvomereza kuti pa 11 anamutumadi kumjigo, kapena kudabwa kuti pa 5 ananyamuka m'mamawa, ndiye anaima pati? Funso limeneli ndi limene lingatulutse gwero la vuto, ndipo kalata yoyamba ija sikanalibweretsa.

Pamene olemba ambiri amapunthwira ndi pa mawu oweruza obisala m'mawu onena zochita. Kalata ikhoza kukhala yopanda "wamwano" kapena "waulesi" koma n'kunena kuti mwana "anaba foni", pamene chodziwika n'chakuti foni ya mnzake inapezeka m'chikwama chake. Kupezeka kwa foniyo ndi chimene anthu anaona. Kuba ndi chigamulo chimene komiti yosungitsa mwambo ingafikepo itamva mbali zonse. Chimodzimodzi "anathawa m'kalasi" poyerekeza ndi "anatuluka m'kalasi nthawi ya 10:15 osapempha chilolezo". Zimene wolemba sanaone yekha amazisonyeza kuti n'zongomva, monga "ophunzira awiri anauza mphunzitsi kuti", ndipo mayina a ana enawo salowa m'kalata, chifukwa kuwatchula kumatha kuyambanitsa mabanja kumudzi.

Pali kulakwitsa kwinanso kwa mbali inayo. Ena poopa kuweruza amalemba zosamveka, monga "pali zina ndi zina zokhudza khalidwe la mwana wanu". Kalata yotere siweruza, koma siuzanso womulera kanthu, ndipo amagona ndi nkhawa poganiza zazikulu kuposa zimene zachitika.

Nkhani ikakula mpaka kuimitsidwa sukulu kwa masiku kapena kuchotsedwa, kalata yomveka imakhalanso nkhani ya lamulo. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko la Malawi, omwe anakhazikitsidwa mu 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu woti chigamulo cha akuluakulu chomukhudza chitsate njira yachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake molembedwa. Sukulu ikafika pogamula chilango, chigamulocho chimalembedwa m'kalata poyera, koma chimabwera pambuyo pa zochitika, lamulo limene laswedwa ndi mawu a mwana mwini. Sukulu imasunga kope la kalata iliyonse m'failo ya wophunzira, ndipo akuluakulu a maphunziro akadzafunsa chifukwa chimene mwana anaimitsidwira, kalata yokhala ndi masiku, nthawi ndi mawu enieni ndi imene ingayankhe.