Kamera ya OBS ionetse dzanja la mphunzitsi pa Zoom

Mphunzitsi wa masamu akamaphunzitsa pa Zoom, vuto lake loyamba ndi pepala. Kamera ya laputopu imayang'ana nkhope yake, koma ophunzira akufuna kuona dzanja likulemba. Ndiye amangonyamula pepala n'kuliyandikitsa ku kamera, manambala akugwedera, iye akufunsa kuti, "Mukuona?" Ana amayankha kuti eya chifukwa cha ulemu, koma palibe chimene aona.

Vutoli limatha ndi pulogalamu yaulere yotchedwa OBS Studio. Anthu ambiri amaidziwa ngati youlutsira mapemphero kapena masewera pa intaneti, koma kuyambira mu 2020 ili ndi batani lina lolembedwa kuti Start Virtual Camera. Mukalidina, OBS imadzionetsa kwa mapulogalamu ena ngati kamera yeniyeni. Zoom, Microsoft Teams kapena Google Meet imaipeza pamndandanda wa makamera ndi dzina loti OBS Virtual Camera, ndipo imalandira chithunzi chilichonse chimene mwakonza mu OBS osadziwa kuti chadzera kwa mkhalapakati.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wathuyu ali ndi laputopu ya Windows ndi kamera ina yaing'ono yolumikiza pa USB. Kamerayi waimangirira ndi mphira ku rula yaitali, rulayo waipsinja ndi mabuku paphaka, kotero kuti diso la kamera layang'ana pansi patebulo pomwe pali pepala.

Asanatsegule Zoom, atsegule OBS. M'munsi muli bokosi lolembedwa Sources, momwe mumalowa zinthu zonse zooneka pachithunzi. Adine chizindikiro cha +, asankhe Video Capture Device, alembe dzina loti "Pepala", kenako pamzere wa Device asankhe kamera ya USB ija. Pepala lionekera pasikirini, ndipo kawirikawiri limabwera chadodolido chifukwa kamera yaima moyang'anizana ndi wolemba. Asavutike kumasula mphira. Adine chithunzicho ndi batani lakumanja la mausi, alowe pa Transform, asankhe Rotate 180 degrees. Pamndandanda womwewo pali Fit to screen, imene imakulitsa chithunzi kuti chikwane malo onse. Akatero abwerezenso njira yomweyi pa kamera ya laputopu, aitche "Nkhope", n'kukoka ngodya ya chithunzicho kuti chichepe, chikhale pakona yakumanja. Tsopano pepala ladzaza sikirini ndipo mphunzitsi akuoneka pakona. Ine kachithunzi kapakonako sindingakasiye, chifukwa mwana akamaona maso a mphunzitsi wake amadziwa ngati yankho lake lalondola asanauzidwe n'komwe.

Apa ndi pamene adine Start Virtual Camera, kumanja m'munsi mu bokosi la Controls. Kenako atsegule Zoom, apite pakamuvi kali pambali pa chizindikiro cha kamera, asankhe OBS Virtual Camera.

Ndondomeko imeneyi, OBS poyamba Zoom pambuyo, ili ndi chifukwa. Pa makompyuta ambiri a Windows kamera imodzi imatumikira pulogalamu imodzi panthawi imodzi. Zoom ikayamba kuigwira, OBS imangoonetsa mdima pamalo pomwe payenera kukhala nkhope, ndipo munthu amayamba kukayikira chingwe chimene chilibe mlandu. Chofunika ndi kusintha kamera mu Zoom kuti ikhale OBS Virtual Camera, kenako mu OBS kutsegula Properties ya kamerayo, kudina Deactivate ndi kudinanso Activate. Koma ngati mu Zoom mukuoneka chizindikiro cha OBS ndi kachithunzi ka kamera yodulidwa ndi mzere, vuto ndi lina: mwasankha kamera yoyenera, kungoti batani lija simunalidine. Ngati dzina la OBS Virtual Camera silikupezeka konse pamndandanda, tsekani Zoom kotheratu n'kuitsegulanso.

Chimene chimapunthwitsa anthu ambiri ndi mawu. Mu OBS muli kamzere kobiriwira kamene kamavinavina munthu akamalankhula, ndipo ukakaona umakhulupirira kuti mawu ako akupita. Sakupita. Kamera ya OBS imanyamula chithunzi chokha basi. Zoom imatenga mawu payokha, kuchokera ku maikolofoni imene mwasankha mu Zoom momwemo. Kwa mphunzitsi wathu izi sizovuta: asankhe maikolofoni ya laputopu kapena ya mahedifoni pakamuvi ka pambali pa chizindikiro cha maikolofoni, aonenso kuti Zoom sinasankhe yokha maikolofoni ya kamera yoyang'ana pepala ija, imene ingamamve kukwakwaza kwa bolopeni kuposa mawu ake. Koma tsiku limene adzaike kanema mu OBS kuti ana aonere, iwo adzaona anthu akuyasamula pakamwa popanda phokoso lililonse. Pamenepo pamafunika pulogalamu ina yokhala ngati chingwe cha mawu, monga VB-CABLE, kapena kungoonetsa kanemayo kudzera pa Share ya Zoom atachonga Share sound. Njira yachiwiriyi ndiyo yachidule.

Popeza chithunzi chimadzera njira yaitali pomwe mawu akulowa molunjika, nthawi zina mawu amatsogola pang'ono. Kuyesa kwake n'kosavuta. Imbirani mnzanu, muombe m'manja kamodzi patsogolo pa kamera, akuuzeni ngati phokoso lamveka manja asanakumane. Ngati kusiyanako n'kwakukulu, kawirikawiri ndiye kuti laputopu yalemedwa, ndipo mudzamvanso fani yake ikulira kwambiri. Pitani pa Settings, kenako Video, muike Base (Canvas) Resolution ndi Output (Scaled) Resolution pa 1280x720, ndipo FPS ikhale 30. Kukweza kuposa apo nthawi zambiri n'kutopetsa makina pachabe, chifukwa Zoom imachepetsa chithunzi isanachitumize, makamaka netiweki ikafooka. N'chifukwa chake manambala ooneka bwino mu OBS angafike kwa mwana ali mbuu. Pamenepo cholembera chakuda chonenepa ndi kuwala kwa pawindo zimathandiza kuposa batani lililonse.

Za bandulo musade nkhawa ndi OBS. Kamera yake imagwira ntchito mkati mwa kompyuta ndipo siidya intaneti. Amene akudya ndi Zoom, monga mwa masiku onse. Chithunzi cha 720 chikamatumizidwa pa mamegabiti 1.2 pa sekondi, pa ola chimatha mamegabaiti pafupifupi 540, osawerengera zimene mukulandira.

Kwatsala kamsampha kamodzi, ndipo kamagwira anthu osamala. Mphunzitsi akayang'ana chithunzi chake mu Zoom angapeze manambala atatembenuka ngati pagalasi. Mtima umamuuza kuti athamangire mu OBS, adine Flip Horizontal. Akatero, iye aona bwino koma ana onse ndi amene aone zotembenuka. Zoom imatembenuza chithunzi kwa mwini wake yekha, kuti adzione monga anazolowera pagalasi, pomwe kwa ena chimapita chili cholunjika. Malo okonzera ndi mu Zoom, pa Settings kenako Video, kuchotsa chongi pa Mirror my video. Google Meet nayonso imaonetsa mwini wake chithunzi chotembenuka. Choncho phunziro lisanayambe, mphunzitsi alembe 25 wamkulu papepala, afunse mwana mmodzi kuti, "Takondwa, tandiwerengere nambala iyi." Mwanayo akayankha mosazengereza kuti 25, mphunzitsi asakhudzenso kalikonse, ayambe samu yoyamba.