A, an kapena the: mafunso awiri othetsa chisokonezo

Pa Chichewa timangoti "Ndagula buku", chiganizo n'kukwanira. Chingerezi sichilola zimenezi. Dzina la chinthu chimodzi chowerengeka, monga book kapena egg, siliima lokha. Limafuna kamawu patsogolo pake, ndipo nthawi zambiri kamawuko ndi a, an kapena the. N'chifukwa chake "She is nurse" n'kulakwitsa. Choyenera ndi "She is a nurse".

Funso loyamba ndi ili: kodi amene mukumuuzayo akudziwa kuti mukunena chinthu chiti? Ngati akudziwa, ikani the. Ngati sakudziwa, kapena mukunena chilichonse cha mtunduwo, pafunika a kapena an. Ifenso kusiyanaku timakuonetsa, kungoti timatero ndi mawu ena. Tikati "galu wina", womvera sakumudziwa galuyo, koma tikati "galu uja", tonse tikudziwa amene akunenedwa.

Womvera amadziwa chinthucho mwina chifukwa chatchulidwa kale, mwina chifukwa pamalopo chilipo chimodzi chokha. Mphunzitsi akati "Close the door", palibe mwana angafunse kuti chitseko chiti. Ndi mmenenso zilili ndi the sun, popeza dzuwa ndi limodzi.

Funso lachiwiri limabwera pokhapokha the wakanika, ndipo limafuna khutu, osati maso: mawu otsatirawo akuyamba ndi liwu lotani mukawatchula? Akayamba ndi liwu longa a, e, i, o, u, ikani an; apo ayi, ikani a. Ambiri amakodwa poyang'ana lembo. Mu hour lembo la h silimveka, choncho timati an hour. MP timatchula kuti "emupi", ndiye ndi an MP.

Tiyese ndi mayi amene wagulira mwana wake yunifolomu. Akamauza mnzake koyamba, mnzakeyo sakuidziwa yunifolomuyo, choncho the sagwira. Kwatsala a ndi an. Diso likuona u, koma khutu likumva "yu", ndiye chiganizo n'chakuti "I bought a uniform". Akapitiriza kunena kuti yamukulira mwanayo, mnzake uja waidziwa tsopano: "The uniform is too big". Mayiyo akanagula yakale, akanati "an old uniform", chifukwa chimene chimalamula ndi mawu oyandikana ndi kamawuko, osati dzina lenilenilo.

Kusokoneza a ndi an kumangomveka kokhota, koma tanthauzo silisintha. Kusokoneza a ndi the ndiye kumasintha uthenga. Mukati "Bring a chair", mwana abweretsa mpando uliwonse umene waupeza. Mukati "Bring the chair" m'nyumba ya mipando yambiri musanatchulepo umodzi, adzaima n'kukufunsani kuti "Which one?" Mukamva funso limenelo, dziwani kuti the mwamuika msanga.